Zomwe zinachitika ku Carthage mu 251 ndi mphamvu za mabishopu

Mipingo yoyambirira sinali ndi bishopu mmodzi pamwamba. Paulo polembera Afilipi akupereka moni kwa oyang'anira ndi atumiki, ambiri ndithu mumpingo umodzi, ndipo pa Machitidwe 20 anthu omwe akutchedwa akulu a mpingo wa ku Efeso ndi omwewonso akutchedwa oyang'anira. Ignatius wa ku Antiokeya, amene anaphedwa m'nthawi ya mfumu Trajan, ndiye woyamba amene timamumva akulimbikira kuti pasakhale ubatizo kapena Mgonero popanda chilolezo cha bishopu. Mmene ankabwerezera mfundoyi zikuonetsa kuti ambiri sankaitsatira.

Kuti tione mphamvuyi ikukhazikika, tipite ku Carthage, m'dziko lomwe lero ndi Tunisia. Mu 250 mfumu Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya Aroma ndi kulandira chikalata cha umboni. Akhristu ambiri anapereka nsembezo, ena anangogula chikalatacho mwa ziphuphu. Bishopu Cyprian, yemwe ansembe asanu anatsutsa kusankhidwa kwake, anathawa kukabisala, n'kumayendetsa mpingo kudzera m'makalata.

Ogwawo, amene anapereka nsembe kapena kugula zikalata, atafuna kubwerera mumpingo, anapita kwa Akhristu amene anamangidwa ndi kuzunzidwa osakana Khristu. Awa ankalemekezedwa kwambiri, ndipo anayamba kulemba timakalata tolamula kuti wakutiwakuti alandiridwe pamodzi ndi anthu ake. Anthu akewo ndani? Cyprian anadandaula kuti kakalata kamodzi kotere kakhoza kulowetsa anthu makumi angapo. Ansembe ena ankangowapatsa Mgonero osadikira bishopu.

Cyprian sanalimbane ndi ozunzidwawo maso ndi maso, ndipo apa ndi pomwe panali nzeru zake. Anati makalata awo ndi pempho chabe, lomwe bishopu adzaliunike mtendere ukabwera, kupatula kwa amene ali pafupi kufa. Ali kobisalako ankatumizanso ndalama zothandizira osauka, ndipo dikoni Felicissimus atatsekereza nthumwi zake, anachotsedwa mumpingo. Nkhani ya thumba la mpingo si yaing'ono: ku Roma nthawi yomweyo mpingo unkasamalira amasiye ndi ovutika oposa 1,500.

Cyprian atabwerera ku Carthage mu 251 anasonkhanitsa mabishopu a chigawocho. Anagwirizana kuti mlandu wa aliyense uunikidwe pawokha, kuti ogula zikalata alandiridwe msanga, koma opereka nsembe alape nthawi yaitali. Wogwa analibe kothawira, chifukwa bishopu wa mzinda woyandikana nawo anali womangidwa ndi chigamulo chomwecho.

Mphamvuzi zinali ndi malire. Anthu wamba ankaikabe mawu posankha bishopu, otsutsa anadzozanso bishopu wawo ku Carthage komweko, ndipo Cyprian analibe msilikali kapena bwalo la boma lomuthandiza. Boma lomwelo linamudula mutu mu 258.