Wolota madzi ku Lilongwe amafunsidwa kaye za mtima wake

Azakhali anga a ku Mtandire analota loto limodzi kawiri, ndipo kawiri konse linamasuliridwa mosiyana. M'lotomo anali ataima pakati pa mtsinje, madzi akukwera kuchoka m'mawondo kufika m'chiuno mpaka pachifuwa. Ulendo woyamba anali atangolowa m'banja. Atafotokozera apongozi awo m'mawa akusesa pabwalo, gogoyo sanafunse za kuya kwa madzi. Anangoti, "Nanga inu mtima unali bwanji m'menemo?" Azakhali anati ankaseka, madzi anali ofunda, ndipo timatemba tinkawagunda m'miyendo. Gogo analuluta pang'ono n'kunena kuti tiyembekezere mlendo, chifukwa kwathu kuno ambiri amati mkazi akalota nsomba ndiye kuti pathupi pali pafupi.

Funso la gogo lija lili ndi mizu yakale. Kwa Achewa a m'chigwa cha Lilongwe, madzi akuya anali malo a mizimu. Cha ku Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, kunali kachisi wa mvula wa ku Msinja. Kumeneko kunkakhala Makewana, mayi wa ana onse, mkazi wa Chisumphi. Mbiri ya pakamwa imati mvula ikavuta ankapita ku dziwe lopatulika, ndipo ena amati ankalowa m'madzimo n'kukhalamo asanatuluke ndi uthenga. Anthu okulira m'chikhulupiriro chotere sakanaona kumira kwa m'maloto ngati imfa nthawi zonse. Kulowa pansi pa madzi mtima uli m'malo kunkatha kutanthauza kuti makolo akukuitana, mwina akufuna nsembe ya ufa kapena mowa. Koma kulowa m'madzi omwewo ukukuwa, chinthu chikukukokera pansi, anthu ankakuona ngati chenjezo la matenda kapena dzanja la munthu woipa. Dziwe linali lomwelo, chosiyana chinali mtima wa wolota.

Atafika amishoni ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, anabwera ndi madzi awo. Anthu anamva za chigumula cha Nowa, za Yona m'nyanja, ndi za Farao amene analota ataima m'mbali mwa mtsinje, n'kudzuka mtima wake ukuvutika mpaka anaitanitsa Yosefe. Salimo 69 likuyamba ndi munthu wolira kuti madzi amufika m'khosi ndipo akumira m'thope, chonsecho amene akumusautsa ndi adani ndi chitonzo. Choncho akhristu anazolowera kunena za mavuto ngati madzi omiza. Asilamu nawo ali ndi chiphunzitso chakuti maloto ali mitundu itatu: ochokera kwa Mulungu, ochokera kwa Satana, ndi ongochokera m'zimene munthu wakhala akulingalira masana. Mtundu wachitatuwu ndi umene ambiri timaudumpha, mwina chifukwa susangalatsa kuufotokoza pa chitsime.

M'zaka zaposachedwa, matchalitchi ena a chipentekoste abweretsa kamasuliridwe kena. Kwa iwo, kulota ukusambira ndi chizindikiro cha mizimu ya m'madzi, ndipo wolotayo amafunika mapemphero omasula. Apa ine ndimatsutsana nawo, osati pa nkhani ya pemphero, koma chifukwa funso la gogo lija latayika. Mtsikana wolota akusambira mokondwa ndi bambo wolota akukokoloka amapatsidwa yankho limodzi, ndipo mtsikana amene anadzuka ali bwinobwino amabwerera kunyumba ali ndi mantha amene analibe.

Mzinda nawonso unasintha tanthauzo la madzi. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, anthu anachuluka, malo anachepa, ndipo nyumba za njerwa zosawotcha zinatsikira m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje. Ena anawumba njerwa ndi kukumba mchenga m'magombe momwemo. Madzi saiwala khwawa. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire, ndipo mu Disembala chaka chomwecho madzi anasakaza cha ku Kawale ndi madera oyandikana nako. Kale nkhani za Napolo tinkazimva ngati za kum'mwera, za ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ku Soche mu Malichi 2023, zithunzi zake zinayenda pa mafoni m'minibasi za ku Lilongwe, moti ngakhale amene sananyowe phazi anagona nazo m'mutu.

Ulendo wachiwiri azakhali analota loto lija patangopita masabata angapo madzi a 2017 atawalowera m'nyumba. Mtsinje womwewo, madzi kukwera chimodzimodzi. Koma tsopano anali amatope, miyendo inali yolemera ngati yamangidwa, ndipo ankafuna kuitana mdzukulu mawu osatuluka. Ankadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku, thukuta lili kamukamu, n'kupapasa pansi kuti aone ngati panyowa. Mnansi wina anati ndi maliro akubwera. Wina anati alodzedwa. Mayi wina wachikulire wa ku chigwirizano ndiye anafunsa bwino: loto linayamba liti, limabwera kangati, ndipo mvula ikagunda pa malata masana thupi limatani? Azakhali anavomera kuti ngakhale phokoso la mpopi wodzaza ndowa linkawathamangitsa mtima. "Amayi," anatero mzimayiyo, "lotoli silikunena za mawa. Likubwereza za dzana."

Akatswiri a maganizo amanena zofanana. Dokotala wina wa ku Amereka, Ernest Hartmann, amene anafufuza maloto a anthu opulumuka pa zoopsa, anapeza kuti ambiri amalota chifunde chachikulu chikuwakokolola ngakhale kuti chimene anapulumukacho chinali moto kapena kumenyedwa. Anaona kuti loto limajambula mmene mtima ukumvera, osati chochitikacho. N'chifukwa chake wogulitsa kaunjika amene ngongole ya banki m'khonde yamufika m'khosi angalote akumira asanaonepo chigumula. Kusiyana kwake kumaoneka ndithu. Loto la nkhawa wamba limasinthasintha, lero mtsinje, mawa chitsime, ndipo limazilala vuto likatha. Loto la munthu wovulala mumtima limabwereza chinthu chimodzimodzi, limamuchititsa kuopa tulo, ndipo masana limayenda ndi kudzidzimuka ndi kupewa malo a ngoziyo. Zikapitirira mwezi, ndi nkhani yokaonana ndi achipatala kapena aphungu, ngakhale mapemphero akupitirira.

Pali zinanso za thupi zimene omasulira amaziiwala. Chikhodzodzo chodzaza chimabweretsa mitsinje m'tulo, ana amadziwa bwino zimenezi. Kutentha thupi kwa malungo kumavundula maloto. Munthu wolizira mkonono kwambiri amene mpweya umamudukira m'tulo, kapena wodwala mtima amene amabanika akagona chagada, angathe kulota akumira chifukwa mpweya ukumuperewera zenizeni. Ameneyu akadzuka ali wefuwefu, mapazi ali otupa, asataye nthawi kufunsa tanthauzo.

Azakhali sanapite kwa sing'anga. Anasamutsa mphasa yawo kuchoka ku chipinda chimene khoma linagwa, mdzukulu anayamba kugona pafupi nawo, ndipo mayi wa ku chigwirizano uja ankabwera madzulo kudzamva lotolo mobwerezabwereza mpaka linaleka kuwanjenjemeretsa polifotokoza. Cha m'nyengo yokolola analotanso mtsinje uja. Madzi anali akadali ofiira, koma ulendo uno anaponda mwala, kenako wina, n'kuwolokera tsidya lina atanyamula mtolo wa nkhuni pamutu. M'mawa anangotiuza akupala moto, n'kutuma mwana kukagula sopo pa okala.