Sukulu inatsekedwa kapena inasintha dzina: mulembe chiyani pa fomu?

Munthu amene amaunika fomu yanu amaika satifiketi pambali pa fomuyo n'kumaona ngati dzina, chaka ndi nambala zikufanana ndi zimene mwalemba. Choncho lembani zimene zili pa pepalalo, osati dzina limene lili pa geti ya sukuluyo lero.

Titenge munthu amene anamaliza digiri ku Polytechnic ku Blantyre mu 2015. Malowo anakhala MUBAS mu 2021, koma digiri yake inaperekedwa ndi University of Malawi, ndipo ndi dzina limenelo lomwe lili pa satifiketi. Pa bokosi la Institution alembe University of Malawi, The Polytechnic. Mndandanda wosankhapo ukamuonetsa MUBAS, asathamangire kudina, chifukwa akhala ngati akunena kuti anamaliza maphunziro ku yunivesite imene inali isanakhazikitsidwe, ndipo woyang'ana fomu wa kunja amene sadziwa mbiriyi angakayikire. Asankhe University of Malawi. Ngati palibe, adine Other n'kulemba yekha, kenako pa bokosi la ndemanga aonjezere kuti malowo tsopano ndi MUBAS. Ndi chimodzimodzi kwa amene anamaliza ku College of Medicine kapena Kamuzu College of Nursing makolejiwa asanaphatikizidwe kukhala KUHeS mu 2021.

Sekondale ya pulayiveti imene inatsekedwa isakusowetseni tulo. MSCE imaperekedwa ndi MANEB, osati sukulu, ndipo zotsatira zanu zimasungidwa ku bungweli ku Zomba. Lembani dzina la sukuluyo monga linalili, boma lake ndi zaka zimene munaphunzirako. Vuto limabwera kwa amene anaphunzira pa sukulu ina koma mayeso analembera pa senta ina. Fomu ikafunsa kumene munaphunzira, tchulani sukulu yanu. Ikafunsa za mayeso, tsatani zimene zili pa satifiketi. Koleji yotsekedwa imene inkapereka yokha masatifiketi ndiyo yovutirapo: musaike nambala ya foni ya mphunzitsi wakale ngati ya ofesi, ingonenani kuti inatsekedwa ndipo mutumize kope la satifiketi ndi pepala la magiredi.

Fomu ikafunsa nambala ya satifiketi, musanagamule kuti palibe, tembenuzani pepalalo, muone kuseri, m'makona ndi pafupi ndi chidindo. Ambiri amasokoneza nambala ya satifiketi ndi nambala ya mayeso kapena yolembetsera pa koleji. Izi ndi zosiyana, ndipo mukaika ina m'malo mwa inzake popanda kufotokoza, wotsimikiza akafufuza sadzaipeza. Ngati palibedi, lembani N/A, ndipo bokosi likakana kamzere kopendekerako yesani NA. Bokosi lolandira manambala okha ndiye limakopa anthu kulemba 0000 kapena kupeka. Musatero pokhapokha malangizo a fomuyo atanena choncho. Lemberani eni ake fomuyo imelo yowafunsa choti mulembe, ndipo yankho lawo mulisunge.