Vidiyo ya ukwati ikakana kulowa m'foni: chingwe, foni ndi malire a 4 GB

Mayi wina anabwera pamalo pomwe ndimakonzera mafoni ndi makompyuta atanyamula laputopu ya mwana wawo, foni ya Android ndi chingwe cha chaja. Wojambula zithunzi anali atawapatsa vidiyo ya ukwati wa mwana wawo wamkazi, fayilo imodzi ya 6.2 GB, ndipo iwo ankafuna kuti ikhale m'foni kuti akaonetse achibale kumudzi, komwe kulibe magetsi oti n'kuyatsira laputopu. "Achimwene," anatero, "tayesa usiku wonse, foni ikungotchaja basi." Ntchitoyi inatitengera mphindi zosakwana 30, koma tinakumana ndi zopinga zitatu zomwe ndimaziona pafupifupi mlungu uliwonse, n'chifukwa chake ndaganiza zozifotokoza pano.

Tiyambe ndi chifukwa chosankhira chingwe. WhatsApp salola fayilo yoposa 2 GB, ndiye ya 6.2 GB siingadutse, ngakhale mutakhala ndi ndalama za bandulo. Bluetooth imayenda pang'onopang'ono kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a 1 MB pa sekondi ikamayenda bwino, kutanthauza kuti fayilo ngati imeneyi ingafune maola oposa 6. Chingwe wamba cha USB chimanyamula pakati pa 20 ndi 30 MB pa sekondi, ndipo 6.2 GB imawoloka pa mphindi 4 kapena 5 osalipira kalikonse.

Chopinga choyamba chinali chingwe chomwecho. Zingwe zimafanana kunja koma m'kati zimasiyana. Chingwe chathunthu cha USB 2.0 chimakhala ndi mawaya anayi: awiri, omwe nthawi zambiri amakhala ofiira ndi akuda, amanyamula moto, ndipo awiri enawo, oyera ndi obiriwira, ndiwo amanyamula mafayilo. Zingwe zambiri zotchipa, komanso zija zifupizifupi zomwe zimabwera ndi tochi, sipika kapena batire yotchajira foni paulendo, zimangokhala ndi mawaya awiri a moto. Mukalumikiza chingwe chotere foni imatchaja bwinobwino, koma laputopu siidziwa n'komwe kuti pabwera mlendo. Chizindikiro chake n'chosavuta. Windows imalira kabelu kakang'ono chipangizo chikalumikizidwa. Ngati foni yayamba kutchaja koma kabelu sikanalire, ndipo pafoni sipanabwere uthenga uliwonse wonena za USB, musataye nthawi m'makonzedwe a laputopu, sinthani chingwe kaye. Chimene chinabwera ndi foni m'katoni ndicho chodalirika. Cha mayi aja chinali cha tochi, ndipo titaika china kabelu kanalira pomwepo.

Pali vuto lina lofanana nalo lomwe limasokoneza anthu: kabelu kamalira, kenaka n'kuliranso, foni ikuoneka n'kusowa. Apa nthawi zambiri bowo la foni limakhala litadzaza fumbi ndi ulusi wa m'thumba, moti mutu wa chingwe sufika kumapeto. Zimitsani foni, mutenge kamtengo kotokosera m'mano, muchotse zinyalalazo pang'onopang'ono. Singano kapena pini ayi, chifukwa chitsulo chimapinda kapena kuwotcha timapini ta m'katimo, ndipo kusintha bowo ndi ndalama zambiri kuposa chingwe.

Chopinga chachiwiri chimakhala pafoni. Foni ya Android ikalumikizidwa ku kompyuta imangotchaja mpaka mwiniwake atailoleza, ndipo anachita kuikonza choncho dala kuti munthu wotola foni yanu asakopere zithunzi zanu. Ndiye tsegulani loko wa foni, kokerani pansi kuchokera pamwamba pa sikirini, mupeze uthenga wonga `Charging this device via USB`. Ukhudzeni, musankhe `File transfer`. Mafoni ena amalemba `Transferring files`, ena akale amalemba `MTP`, lomwe ndi dzina la njira yomwe foni ndi kompyuta zimalankhulirana. Musasankhe `PTP`, chifukwa imeneyo ndi ya zithunzi ndipo imangoonetsa mafoda ochepa. Mukatero, pa laputopu tsegulani `File Explorer`, pitani pa `This PC`, ndipo dzina la foni lioneka. Mukalowamo n'kupeza mulibe kanthu, foni ikadali yokiya kapena simunasankhe `File transfer`. Mafoni ambiri amabwerera pa kutchaja nthawi iliyonse mukazula chingwe, choncho muyenera kusankhanso mukalumikizanso.

M'foni ya mayi aja munaoneka malo awiri, `Internal storage` ndi `SD card`. Iwo ankafuna vidiyo ilowe mu memori khadi, ya 32 GB, yomwe inali ndi malo opanda kanthu okwana 20 GB. Apa m'pamene panali chopinga chachitatu, ndipo ndi chomwe ndikufuna muchimvetse bwino, chifukwa chimapangitsa anthu kutaya makhadi abwinobwino poganiza kuti afa. Tinakopera fayilo, Windows inakana. Tinakopera nyimbo ya 5 MB, inalowa mosavuta. Malo alipo ambiri, khadi ikugwira ntchito, koma fayilo yaikulu ikukanika.

Khadi iliyonse imakhala ndi kaundula wake, dongosolo lomwe limalemba dzina la fayilo, pomwe yakhala ndi kukula kwake. Makhadi a 4 GB mpaka 32 GB amabwera ndi kaundula wotchedwa `FAT32`, yemwe anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1996, nthawi yomwe fayilo imodzi ya magigabaiti 6 inali yosowa. M'kaundula ameneyu malo olembapo kukula kwa fayilo ndi ochepa, ndipo nambala yaikulu yomwe ingakwanepo ndi mabaiti 4,294,967,295, kutanthauza 4 GB kuchotsapo baiti imodzi. Zili ngati sikelo ya pamsika yomwe imalekezera pa makilogalamu 50: nkhokwe ingakhale yaikulu chotani, thumba la makilogalamu 70 silingalembedwe m'buku. Mafayilo khumi a 2 GB iliyonse angalowe m'khadi imeneyi, koma imodzi ya 6.2 GB singalowe. Makhadi a 64 GB kupita m'mwamba amabwera ndi kaundula wina, `exFAT`, yemwe alibe vutoli. Kuti mudziwe kaundula wa khadi yanu, ichotseni m'foni, muilowetse mu laputopu kudzera m'kachipangizo kowerengera makhadi, dinani kumanja pa dzina lake, musankhe `Properties`, muwerenge pa `File system`.

Njira zotulukira zilipo zingapo, koma sizofanana. Ambiri amathamangira kufomata khadi kuti ikhale `exFAT`. Ine sindilangiza zimenezo msanga. Kufomata kumafufuta zonse zomwe zili m'khadi, ndipo mafoni ena, makamaka akale ndi otchipa, sawerenga `exFAT`. Akaiona amanena kuti khadi yawonongeka n'kupempha kuifomatanso. M'khadi ya mayi aja munali zithunzi za zidzukulu za zaka zitatu, ndiye sitinaikhudze. Tinayang'ana pa `Settings` kenaka `Storage` m'foni, n'kupeza kuti m'kati mwa foni mwatsala 3 GB yokha. Malo a m'kati mwa foni alibe malire a 4 GB aja, choncho tinangofunika kupeza malo. Tinasamutsira mavidiyo akale ang'onoang'ono okwana 6 GB kupita ku khadi, komwe anakwana bwino chifukwa palibe imodzi yoposa 4 GB, ndipo m'foni munatsala 9 GB. Musadzaze foni mpaka pakamwa. Siyani 2 GB kapena kuposerapo, apo ayi imayamba kuchedwa ndipo mauthenga amaleka kulowa. Zikanakanika, tikanapempha wojambula uja kuti adule vidiyoyo pawiri, gawo la kutchalitchi ndi gawo la kumadyerero, lililonse losafika 4 GB.

Kukopera kwenikweniko n'kwachidule. Dinani kumanja pa fayilo, `Copy`, lowani mu `Internal storage`, tsegulani foda ya `Movies` kapena `Download`, kenaka `Paste`. Sankhani `Copy`, musasankhe `Cut`, kuti fayilo yoyambirira ikhalebe pa laputopu mpaka mutatsimikiza kuti yafika yonse. Ikamayenda, zisiyeni zipangizo zonse ziwiri pamalo amodzi osazigwedeza. Njira ya `MTP` imagwira ntchito imodzi pa nthawi imodzi, ndipo ikaduka siipitiriza pomwe inalekera, imayambiranso pachiyambi. Musatseke chivundikiro cha laputopu, chifukwa ikagona ulendo waduka. Kumbukiraninso kuti foni imakhala ikukoka moto kuchokera ku laputopu, ndiye ngati batire ya laputopu ndi yotopa ndipo magetsi azima, dikirani abwere.

Yathu inatenga mphindi pafupifupi 5. Mwana wa mayi aja, yemwe anabwera mochedwa, anafunsa chifukwa chake sizinathamange kuposa apo pomwe tinabaya chingwe m'bowo la buluu, lomwe ndi la USB 3.0. Yankho ndi lakuti liwiro limatsata chofooka pa zitatuzi: bowo la laputopu, chingwe ndi foni. Mafoni ambiri a mtengo wapakati ndi wotsika, ngakhale ali ndi bowo la USB-C, m'kati mwake amayendera USB 2.0. Khadi nayo imachedwetsa: yolembedwa 10 m'kati mwa chilembo C imangolonjeza 10 MB pa sekondi, ndiye fayilo ya 3 GB ikhoza kutenga mphindi 5 yokha. Ndipo ngati mukusamutsa zithunzi 3,000 m'malo mwa vidiyo imodzi, zichedwa kwambiri ngakhale kulemera kwake kukhale kofanana, chifukwa fayilo iliyonse imayamba yalembetsedwa payokha. Zikatero zimangeni pamodzi kukhala fayilo imodzi ya `.zip`, mukamasule m'foni ndi pulogalamu ya `Files`.

Zonsezi ndi za Android ndi Windows. Foni ya iPhone siilola kuponya fayilo m'mafoda motere. Pa Windows mumafunika `Apple Devices` kapena `iTunes`, ndipo fayilo mumaiika m'pulogalamu inayake ya m'foni, monga VLC. Mapulogalamu amenewo amafuna intaneti kuti muwaike koyamba, choncho konzekerani musanapite kopanda netiweki.

Tibwerere ku Android: mzere wobiriwira woonetsa kukopera pa laputopu ukafika kumapeto musazule chingwe nthawi yomweyo. Dikirani bokosi la kukopera litseke lokha, kenaka yerekezani kukula. Pa laputopu, `Properties` ya fayilo imaonetsa `Size` ndi chiwerengero chonse cha mabaiti. Chitaninso chimodzimodzi pa fayilo yomwe ili m'foni, ndipo manambala awiriwo ayenera kufanana mpaka nambala yomaliza. Mukatero zulani chingwe, mutsegule vidiyoyo pafoni, muikokere mpaka mphindi zomaliza. Vidiyo yoduka nthawi zina imayamba bwino n'kukaima pakati, ndipo woyang'ana chiyambi chokha amadzazindikira ali kale kumudzi. Vidiyo ikapanda kuoneka m'malo oonera zithunzi, ifufuzeni mu `Files` m'foda yomwe munaiika, kapena zimitsani foni n'kuiyatsanso kuti iwerengenso mafayilo ake. Ikaoneka koma n'kumakana kuseweredwa pomwe mabaiti akufanana, vuto si chingwe, ndi pulogalamu yoonera, ndipo VLC imatsegula mitundu yambiri ya mavidiyo.

Mayi aja anakokera vidiyo mpaka pomwe akwati ankadula keke, anaonera pang'ono, kenaka ndinawapatsa chingwe chawo cha tochi nditamangapo kaselotepi kofiira kuti asadzachisokonezenso ndi cha mafayilo.