Mtondo wa agogo ndi funso la mwana wa Fomu 3

"Aphunzitsi, kodi ndakatulo ingathe kutanthauza chinthu chimene mlakatuli sanachiganizire n'komwe?" Anandifunsa choncho mnyamata wina wa Fomu 3, ndipo m'mawu ake munali kukayika, ngati akuti ife aphunzitsi timangopeka matanthauzo kuti tiwavutitse nawo pamayeso. Ndinamuyankha kuti inde ingathe, koma sizikutanthauza kuti ingatanthauze chilichonse chimene wowerenga wafuna. Yankho lotere silikhutiritsa mwana, choncho tinatenga ndakatulo imene mwini wake anali m'kalasi momwemo kuti timufunse maso ndi maso.

Mtsikana wina anali atalemba mizere inayi iyi pa ntchito ya sabata yapitayo, ndipo anavomera kuti ndiilembe pabolodi:

Mtondo wa agogo wang'aluka,
munsi waima pakona wokha.
M'mawa pabwalo palibe mawu,
tikupita kuchigayo, thumba pamutu.

Ndinamupempha kuti ayambe wakhala chete anzake alankhule. Woyamba anati ndakatuloyi ikunena za imfa. Wachiwiri anati ikunena za umasiye, poti mtondo ndi munsi zimayendera limodzi ngati mkazi ndi mwamuna, ndipo chimodzi chatsala. Wachitatu anati ikudandaula za kukwera mtengo kwa chimanga. Kenako mwini wake anaseka n'kunena kuti iye ankangofotokoza zimene zinachitika: mtondo unang'alukadi, agogo ake ali moyo ndithu, ndipo masiku ano amakonoletsa kuchigayo.

Mnyamata uja anaona ngati mlandu watha. Koma ndinamuuza kuti aloze ndi chala mawu amene ali pabolodipo. Mumzere wachiwiri muli "waima" ndi "wokha". Munsi timauyedzamira kapena kuugoneka, ndipo chimene timachimvera chisoni kuti chili chokha kawirikawiri ndi munthu. Mumzere wachitatu mtsikanayo sanalembe kuti palibe phokoso kapena kuti sikukumveka kusinja. Analemba kuti palibe mawu. Mawu ndi a anthu, ndipo aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti pamtondo amayi amaimba, amacheza, nthawi zina amadandaula za m'banja kudzera m'nyimbo zomwezo. Komanso mtondowo si wa pakhomo chabe, ndi wa agogo. Zizindikiro zitatu zonsezi zikuloza kumodzi, kuti pakhomopo pachoka munthu kapena patha moyo wina umene unalipo.

Titamufunsa chifukwa chimene anasankhira "mawu", mtsikanayo anati "phokoso" linkatalikitsa mzere ndipo silinkamveka bwino. Ankasamala kamvekedwe, koma mawu amene anatola anabwera ndi katundu wake. Apa ndiye pagona nkhani. Mlakatuli sapanga chinenero chakechake. Amabwereka mawu amene anthu akhala akuwagwiritsa ntchito pamaliro, paukwati ndi pamilandu iye asanabadwe. Amasankha mawu pa chifukwa chimodzi, koma mawuwo salekerapo kunena zina zimene amanena masiku onse. N'chimodzimodzi munthu amene waponya mwambi pamsonkhano akuganiza za nkhani ya munda, koma mwambiwo n'kukhudza wina amene ali ndi nkhani ya banja. Wakumvayo sanapeke kanthu. Mwambiwo unali nazo kale.

Akatswiri awiri a ku America, W. K. Wimsatt ndi Monroe Beardsley, analemba za nkhani yomweyi mu 1946. Mfundo yawo inali yakuti ngati mlakatuli anakwanitsa zimene ankafuna, zimenezo zikupezeka m'ndakatulo momwemo, ndipo ngati sanakwanitse, kukamufunsa kungotiuza za munthuyo, osati za ndakatuloyo. Ine ndimagwirizana nawo pa mbali yaikulu, makamaka ndikaganiza za nyimbo za pamtondo ndi za maliro zimene palibe amene akudziwa woziyambitsa, komabe timazimvetsa bwinobwino.

Nanga wachitatu uja, wa mtengo wa chimanga? Ameneyo ndinamukanira, ndipo ndinamuuza chifukwa. M'mizere inayiyo mulibe ndalama, msika, njala kapena kuchepa kwa chakudya. Thumba lilipo ndipo likupita kuchigayo. Iye anaona mawu amodzi, "thumba", n'kukwezapo nkhani imene anachoka nayo kunyumba. Umu ndi mmene tanthauzo lopeka limadziwikira: limakhala pa liwu limodzi, ndipo mizere yotsalayo limangoidumpha. Tanthauzo la umasiye lija linafotokoza mtondo, munsi, chete wa pabwalo, ngakhale ulendo wa kuchigayo, chifukwa ntchito imene ankagwira munthu tsopano akuigwira makina. Ndinawauzanso kuti wa imfa uja asalembe kuti "agogo anamwalira" ngati kuti ndakatulo yanena poyera. Alembe kuti mawu akuti "wokha" ndi "palibe mawu" akupereka chithunzi cha kutayika kwa munthu. Pamayeso a MSCE ndimafuna ana anga aziyankha motero, mfundo iliyonse itatsamira pa mawu a m'ndakatulo.

Pali malire ena amene ana amaiwala, a nthawi ndi malo. Taganizirani liwu lakuti tambala. Ndi nkhuku yolira m'bandakucha; tambala wakuda ndi chizindikiro cha chipani cha Malawi Congress Party; ndipo kuyambira mu 1971 tambala ndi ndalama yathu yaing'ono. Ngati nyimbo inapekedwa ndalamayi isanabwere, simunganene kuti tambala wake ndi khobidi, ngakhale khutu lanu la lero likumva choncho. Koma munthu amene analemba za tambala m'Malawi m'zaka za m'ma 1980, ngakhale atalumbira kuti ankanena za nkhuku ya kukhola kwake, sakanaletsa owerenga kumva chipani, chifukwa liwulo linali litasenza kale tanthauzo limenelo m'dziko lonse. Choncho kudziwa kuti mlakatuli anakhala liti komanso kuti kumathandiza kwambiri. Kumatiuza zimene mawu akanatha kunena pa nthawiyo, ngakhale sikutiuza zimene zinali m'mutu mwake.

Chimene ndimachitetezera kwambiri m'kalasi mwanga ndi kusiyana kwa ziganizo ziwiri izi: "ndakatuloyi ikunena" ndi "mlakatuli ankafuna kunena". Choyamba mungachitsimikize ndi mawu a pabolodi. Chachiwiri ndi kunenera munthu za mumtima mwake, ndipo m'dziko muno tikudziwa kulemera kwake. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi alakatuli ambiri ankalemba mophiphiritsa, ndipo akuluakulu ankawerenga mofufuza amene akunyozedwa. Jack Mapanje, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 n'kukhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osaimbidwa mlandu m'khoti. Sindifuna kuti ana anga azolowere kutenga zimene amva m'ndakatulo n'kuzisandutsa umboni wa zimene munthu ankaganiza.

Belu litalira, mnyamata uja anatsalira n'kufunsa ngati tsopano mtsikanayo walakwa pa ndakatulo yake yomwe. Ndinati ayi, zimene ananena n'zoona, kungoti si zokhazo zimene zili m'mizereyo. Mtsikanayo anali akukopera ndakatuloyo m'kope lake. Ndinamufunsa ngati angakonde kusintha "mawu" kuti akhale "phokoso", anthu asamaganize za maliro. Anayang'ana pabolodi kwa kanthawi n'kunena kuti ausiya momwemo, chifukwa chiyambire kupita kuchigayo, agogo ake saimbanso m'mawa.