Kaundula wa banki m'khonde: pomwe ndalama imasochera lisanafike tsiku logawana

Magulu ambiri a banki m'khonde amakangana pa tsiku logawana, koma mkanganowo umakhala utabadwa kale, miyezi ingapo m'mbuyomo, pa tsamba lina la kaundula lomwe palibe analiyang'anitsitsa. Masamu ogawira ndalama ndi apafupi. Chovuta n'kuonetsetsa kuti manambala omwe akugwiritsidwa ntchito tsikulo ndi oona.

Njira yomwe magulu ambiri amatsata inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991. Membala amagula masheya pa msonkhano uliwonse, kuyambira imodzi mpaka asanu, ndipo akafuna ngongole saloledwa kupitirira katatu pa zomwe wasunga. Sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku ka mwini wake, pomwe mlembi amalemba zonse m'kaundula wa gulu. Ndalama za thumba lothandizana pa matenda ndi maliro zimakhala ndi tsamba lakelake komanso kathumba kakekake, ndipo sizilowa m'masamu onse otsatirawa.

Malo oyamba osocherapo ndi pobweza ngongole. Tiyerekeze kuti membala wakongola 60,000 pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 iliyonse pamwezi. Mwezi ukatha ali ndi ngongole ya 66,000. Iye wabweretsa 26,000. Mlembi wosamala salemba 26,000 pa danga limodzi ayi. Amaiswa pawiri: 6,000 ipite pa danga la chiwongoladzanja, 20,000 ichotsedwe pa ndalama yomwe munthuyo anatenga, patsale 40,000. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chikhala 4,000 chifukwa chikuwerengedwa pa 40,000 yotsala. Akabweretsa 24,000, patsala 20,000, ndipo mwezi wachitatu amaliza ndi 22,000. Chiwongoladzanja chonse chomwe gulu lapeza pamenepa ndi 12,000.

Magulu ena amawerengera chiwongoladzanja pa 60,000 yoyamba ija mwezi uliwonse mpaka ngongole ithe, zomwe zimapereka 18,000. Njira zonsezi n'zololeka bola gulu linagwirizana n'kulemba m'malamulo ake. Zimavuta pamene malamulo sananene kanthu, mlembi n'kumagwiritsa njira ina kwa uyu, ina kwa uyo, kawirikawiri osati mwa chinyengo koma chifukwa sanazindikire kuti njirazo ndi ziwiri. Anthu awiri otenga ndalama yofanana amapezeka kuti asiyana ndi 6,000, ndipo akadzafunsana, wodzudzulidwa ndi mlembi.

Tsono gulu lingadziwe bwanji kuti kaundula akunena zoona? Pali kafukufuku mmodzi woyenera kuchitika msonkhano uliwonse bokosi lisanakhomedwe. Muphatikize ndalama zonse za masheya kuchokera pomwe chaka chinayamba, chiwongoladzanja chomwe chalandiridwa ndi zindapusa, n'kuchotsapo zomwe gulu lagulira zinthu monga makope. Zimenezo zifanane ndi ndalama zomwe zili m'bokosi mukaziphatikiza ndi ngongole zomwe zikadali m'manja mwa anthu. Mwachitsanzo, ngati masheya afika 700,000, chiwongoladzanja 90,000, zindapusa 5,000, ndipo gulu silinagule kanthu, chuma chonse ndi 795,000. Ngongole zomwe zili kunja zikakhala 610,000, owerenga ndalama ayenera kupeza 185,000 m'bokosi.

Nanga akapeza 179,000? Pamenepa anthu amafulumira kuyang'ana msungichuma ndi diso loipa, chonsecho kukula kwa ndalama yosowayo kumalozera komwe muyenera kuyamba kufufuza. Yasowa 6,000, ndiye funsani kuti ndani anayenera kulipira chiwongoladzanja cha 6,000 mwezi uno. Nthawi zambiri mupeza kuti mlembi analemberatu chiwongoladzanjacho msonkhano usanayambe, pofuna kufulumizitsa ntchito, koma mwini ngongole sanabwere kapena anapempha kuti alipira sabata yamawa. Kaundula akuti ndalama inalowa, m'bokosi mulibe. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti pa danga la chiwongoladzanja pasalembedwe kanthu kufikira owerenga ndalama atatchula mokweza kuti alandira zingati. Chomwe munthu akuyenera kulipira chilembedwe pa tsamba la ngongole yake, osati pa danga la zolowa. Kusiyana kotere n'kosavuta kukupeza tsiku lomwelo anthu akadali kukumbukira. Pakapita miyezi isanu, palibe angakumbukire kuti sabata ija anajomba ndani.

Tifike pa kugawana. Tinene kuti gulu la anthu 20 lagula masheya 1,800 pachaka, iliyonse pa 1,000, kutanthauza 1,800,000. Chiwongoladzanja chabweretsa 520,000, zindapusa 20,000. Ngongole zonse zikabwezedwa, m'bokosi mukhala 2,340,000. Mukagawa ndalamayi ndi masheya 1,800, sheya iliyonse tsopano ili pa 1,300. Wa masheya 120 alandira 156,000, wa masheya 60 alandira 78,000. Masheya awerengedwe kawiri, m'timabuku ta mamembala komanso m'kaundula, ndipo manambala awiriwo akumane ndalama isanayambe kuperekedwa. Mukaiwala zidindo 10 zokha za munthu mmodzi, oyamba kulandira atenga mopitirira pang'ono, ndipo mwini zidindozo akadzatulukira, m'bokosi mudzakhala mulibe chomupatsa.

Chomwe chimasokoneza kwambiri ndi membala wofika tsikuli ali ndi ngongole. Tiyerekeze kuti wina wa masheya 90 watsala ndi 39,000 pa ndalama yomwe anatenga, choncho m'bokosi muli 2,301,000. Gulu likangogawa ndalamayi ndi masheya onse 1,800 n'kupatsa aliyense gawo lake, wangongole yemwe, sheya itsika kufika 1,278. Aliyense wamulipirira mnzakeyo 22 pa sheya iliyonse, n'kutsala ndi lonjezo loti adzabweza chaka chamawa. Izi n'zolakwika.

Njira zoyenera zilipo ziwiri. Yoyamba n'kuiwerenga ngongoleyo ngati chuma cha gulu, sheya ikhalebe pa 1,300. Wangongole amayenera kulandira 117,000, muchotsepo 39,000, apite ndi 78,000, ndipo ena onse alandira zawo zathunthu. Yachiwiri n'kufufuta masheya ake 39 pa mtengo womwe anagulira. Masheya a gulu atsala 1,761, ndipo 2,301,000 ikagawidwa ndi amenewo sheya ifika 1,306 ndi kanyenyeswa pamwamba. Iye watsala ndi masheya 51, alandira 66,606. Poyerekeza ndi njira yoyamba ija, apa wataya phindu la pafupifupi 11,400, lomwe lagwera anzake omwe anabweza pa nthawi yake. Ine ndimaona kuti njira yachiwiriyi ndi yabwino, popeza yoyamba imachititsa kuti kuchedwa kubweza kusapweteke, ndipo chaka chotsatira ochedwa amachuluka. Koma gulu lisankhe poyamba pa chaka, osati wangongole ali pomwepo ndalama zili pambale.

Njira zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha ngongole ili yochepera masheya a munthuyo. Wokongola katatu pa zomwe wasunga akalephera chaka chili kumapeto, masheya ake onse afufutidwe ndipo yotsalayo ndi ndalama yomwe kulibe. Igawidwe yomwe ili m'bokosi basi, ngongole yotsala ilembedwe pa tsamba lapadera pamodzi ndi mayina ndi masheya a mamembala a chaka chimenecho, kuti ikadzabwezedwa idzapite kwa eni ake osati kwa olowa gulu mtsogolo. Pofuna kupewa zimenezi, magulu ochenjera amasiya kupereka ngongole zatsopano kutatsala mwezi umodzi kapena iwiri kuti agawane, ndipo pa misonkhano yotsalayo mlembi amawerenga mokweza dzina lililonse ndi ndalama yomwe yatsala.