Tsonyo limapasula banja kuposa kukalipa

Anthu akabwera kwa ine ndi nkhani za m'banja kuno ku Kasungu, ambiri amayamba ndi kunena kuti vuto lathu ndi mkwiyo, timakalipirana kwambiri mpaka aneba anatizolowera. Ine ndimamvetsera, koma chomwe ndimayang'ana kwenikweni ndi nkhope ya amene sakulankhulayo, chifukwa nthawi zambiri nkhani imakhala pamenepo. Wina akufotokoza dandaulo lake, mnzakeyo watembenuzira maso kudenga, mlomo waukokera mbali imodzi, kenako kamtsonyo kapansipansi, mxii. Ndikaona zimenezo ndimada nkhawa kuposa mmene ndingadere ndi banja lomwe dzulo linakuwirana mpaka mawu kusasa.

Tiyerekeze banja lina cha ku Santhe, akolola soya matumba 12 ndipo anapangana kuti ndalama yake agule fetereza msanga mitengo isanakwere, yotsala ikhale ya fizi ya mwana wa ku sekondale. Bambo atenga matumba 8 kukagulitsa kwa mavenda, nkubwerako ndi njinga yamoto yakale, ati aziyendetsa kabaza, osafunsa. Mayi akwiya, ndipo ali ndi chifukwa chokwiyira. Akhoza kukuwa kuti, “Abambo, tinagwirizana chani? Soya ameneyu ndapalira ndi msana wangawu, mwagulitsa osandiuza, fizi ya mwana tiitenga kuti? Zandipweteka kwambiri!” Mawu okweza, misozi mwina, chitseko kumenyetsa. Koma tamverani zomwe zili mkatimo: mwatchulidwa chinthu chomwe chachitika, mwatchulidwa chomwe chawawa, ndipo muli funso loti bamboyo akhoza kuyankha. Atha kupepesa, atha kunena kuti matumba 4 otsalawo asakhudzidwe ndi a fizi, atha kulonjeza kuti ndalama ya kabaza ya tsiku lililonse izisungidwa ndi mayi mpaka fetereza akwane. Wokwiyayo akuti ndikufuna usinthe, ndiye kuti akadali ndi chikhulupiriro choti mnzakeyo angasinthe.

Nde nkhani yomweyo itha kuyenda chonchi. Mayi sakuwa ayi, ayang'ana njingayo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, aseka pang'ono nkunena kuti, “Eee zikomo bwana, mwatitukula. Koma ndinu anzeru inu, mudzi onse uno palibe.” Kenako atembenukira kwa mwana, “Pita ukawapatse mpando abwana a kampani.” Bambo nawo mmalo moyankha za soya ayamba kuyerekeza mawu a mkazi wawo ndi kamawu kakang'ono, “fizi ya mwana, fizi ya mwana,” nkuwonjezera kuti za bizinesi angazidziwe bwanji munthu wolekezera Sitandade 5. Ngati ali pa chikamwini mayi amakhala ndi chomalizira chawo, “Paja munabwera ndi kachikwama kokha pano.” Palibe wakweza mawu, aneba sanamve kanthu, koma muone kuti soya uja wasowa m'nkhaniyi. Chomwe chikukambidwa tsopano nchoti wina ndi chitsiru ndipo wina ndi mbuli, ndipo pamenepo palibe chomwe munthu angachite mawa mmawa kuti akonze. Njinga itha kubwezedwa, koma ukauzidwa kuti ndiwe wachabe ubweza chani?

Akatswiri anazifufuza zimenezi. John Gottman, katswiri wa za maganizo yemwe panthawiyo anali pa yunivesite ya Washington ku Seattle m'dziko la Amerika, pamodzi ndi anzake ankaitana mabanja nkuwauza kuti akambirane kwa maminitsi 15 nkhani yomwe amasemphana, uku akuwajambula vidiyo ndi kuyeza kagundidwe ka mtima, kenako nkumawatsatira kwa zaka kuti aone omwe apatukane. Mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 1998 anatsatira mabanja 130 ongokwatirana kumene kwa zaka 6, ndipo anapeza kuti kukwiya pakokha sikunkalosera kutha kwa banja. Pa makhalidwe anayi omwe Gottman amati ndi oopsa, kudzudzula umunthu wa mnzako, kunyoza, kudziikira kumbuyo ndi kungokhala duu osayankha, iye amati kunyoza ndiye chizindikiro chachikulu cha banja lomwe likupita kokatha. Akatswiri ena awiri, Agneta Fischer ndi Ira Roseman, mu 2007 anasiyanitsa mkwiyo ndi kunyoza nkupeza kuti mkwiyo umabwera mwamphamvu koma umakonda kutha ndi kuyanjana, pomwe kunyoza kumakankhira munthu kunja, ndipo kawirikawiri kumamera pa mkwiyo womwe wabwerezedwa kambirimbiri osakonzedwa.

Mfundo yomalizayi ndimafuna anthu aimvetse bwino, chifukwa wonyoza sabadwa wonyoza. Mayi wa ku Santhe uja chaka choyamba anadandaula bwinobwino za ndalama ya fodya yomwe inathera ku Chinkhoma, chaka chachiwiri anakalipa, chachitatu anaitana ankhoswe, ndipo palibe chinasintha. Nde mumtima anayamba kudziuza kuti munthu ameneyu ndi mmene alili basi, ndipo akangofika pamenepo chilichonse chomwe bamboyo achite chimakhala umboni, akagula shuga ndiye kuti akubisa kanthu, akaiwala shuga ndiye paja nchitsiru. Kutembenuza maso kuja kumabwera mnzako asanamalize nkulankhula komwe, kusonyeza kuti mlandu unaweruzidwa kale. Ndiye mukamva tsonyo m'nyumba mwanu dziwani kuti pansi pake pali dandaulo lakale lomwe mwini wake anatopa kulinena.

China chomwe chimapangitsa kuti chipongwe chivute kuchiza nchoti chimakanika. Munthu akatukwana pamakhala mawu oti ankhoswe awagwire nkunena kuti apa munalakwa, pepesani. Koma mukawauze ankhoswe kuti akazi anga anandinena kuti bwana, kapena amuna anga anati zikomo mwaphika bwino, akufunsani kuti nanga cholakwika nchani? Wonyozayo amangoti ine ndimacheza, kapena ndalankhula chani ine, ndiye wolakwiridwayo amatsala ndi bala lomwe sangalionetse, mwinanso nkuyamba kudzikayikira kuti kapena ndine wosachedwa kukhumudwa. Kuno kwathu zimavutirapo chifukwa ulemu tili nawo wambiri m'kalankhulidwe, munthu atha kugwada, kunena inu, kunena pepani, zonse zili m'malo mwake koma kamvekedwe kake kakukuuza kuti ndiwe galu. Ndipo ana amamva, mwana wa zaka 6 sadziwa za fetereza koma amadziwa bwino kuti amayi akuwaseka adadi, ndipo tsiku lina adzatsonya nayenso.

Pena anthu amandifunsa kuti nanga kusereulana konse nkoipa, poti ife timasekana tsiku lililonse? Ayi. Asuweni amanenana zoopsa, iwe wosauka iwe, mkazi wanga wothawa, onse nkumafa nacho chiseko, ndipo mabanja ambiri abwino ali ndi nthabwala zawo zotero. Kusiyana kwake mukuona poyang'ana wonenedwayo, ngati naye akuseka ndipo ali ndi ufulu wobweza, ndi macheza. Ngati wangoti zii, kapena akuseka ndi mano okha pamaso pa alendo, kapena nthabwalayo imangobwera pa nthawi ya mkangano ndipo imagunda pomwe pali chilonda, sukulu yomwe sanamalize, kusabereka, umphawi wa kwawo, nkhani za kuchipinda, kumeneko ndi kunyoza. Komanso kafukufuku uja anachitika pa mabanja a ku Amerika, ndiye musatenge chizindikiro chilichonse mmene chilili. Mayi wa kuno akayang'ana pansi amuna awo akulankhula nthawi zambiri ndi ulemu omwe anaphunzitsidwa, pomwe tsonyo, kuyang'ana munthu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kuwomba m'manja kamodzi nkuseka, kapena kulankhula za mnzako kwa mwana iye ali pomwepo, zimenezo ndiye zathu.

Banja lotere likakhala pamaso panga sindiyamba ndi kuwauza kuti muzikondana. Ndimaimitsa nkhani pomwe tsonyo lamveka nkufunsa mwini wake kuti, mayi, pomwe mwatsonyapo, mukanati munene ndi mawu mukanati chani? Poyamba amakana kuti sindinatsonye, kenako amanena chigamulo, amuna angawa ndi opanda nzeru. Ndimafunsanso kuti chinachitika nchani, liti, ndipo mukufuna chichitike nchani, mpaka chituluke chiganizo chonga ichi: “Munagulitsa matumba 8 osandiuza, ndinamva ngati ndine waganyu m'munda mwanga momwe, ndikufuna tisanagulitse chilichonse tizikhala pansi tonse.” Chiganizo chimenechi chimatuluka ndi mkwiyo, nthawi zina ndi kulira, ndipo ine ndimasangalala chikatero chifukwa tabwerera pomwe pali chokonza. Ntchito ya bambo apa ndi yovutanso, ayenera kubwereza zomwe amva osawonjezera “koma”, ndi kuvomera ngakhale kagawo kamodzi komwe kali koona. Akayamba kufotokoza ubwino wa njinga ndiye kuti tabwerera poyambira.

Mtima ukathamanga zonsezi sizitheka. Gottman anapeza kuti mtima ukamagunda kupitirira ka 100 pa miniti munthu samvanso bwino zomwe mnzake akunena, ndipo thupi limafuna maminitsi osachepera 20 kuti likhazikike. Nde ndimawauza kuti agwirizane kukadali bata zoti wina akati tiime kaye, aime, koma anene nthawi yobwerera, tikambirana ana akagona, osati kungonyamuka kupita ku bawo mpaka usiku chifukwa kumeneko wotsalayo amakumva ngati kunyozedwa kwina. Ndipo pa maminitsi 20 amenewo osamakonza mayankho mumtima, kathirireni dimba kapena zungulirani kumunda.

Gawo lochedwa kwambiri ndi kusintha nkhani yomwe munthu amadziuza za mnzake. Ndimapempha aliyense kuti tsiku lililonse apeze chinthu chimodzi chenicheni chomwe mnzake wachita bwino nkuchinena, osati “ndinu abwino” koma “ndaona mwakonza denga la khola mvula isanabwere.” Kafukufuku wa Gottman anaonetsa kuti mabanja okhazikika, ngakhale ali mkati mwa mkangano, amakhala ndi zabwino pafupifupi 5 pa choipa chimodzi chilichonse, monga kugwedeza mutu movomera, kumwetulira, kunena kuti apo mukunena zoona. Masabata oyamba zimamveka zokakamiza ndipo winayo amakayikira kuti akundinyozanso, poti mawu oyamikira omwewo ndi omwe ankagwiritsidwa ntchito pomulasa. Zimatenga miyezi, ndipo zimatheka pokhapokha dandaulo lija likukonzedwadi, ndalama ya kabaza ikuonekadi pa tebulo. Kuuza mayi kuti asiye kutsonya pomwe bambo akupitiriza kugulitsa zokolola mobisa ndi kungomutseka pakamwa, ndipo ine sindichita nawo zimenezo.

Ndikamati mkwiyo uli ndi pokonzera ndikunena mkwiyo wa mawu pakati pa anthu awiri omwe saopana. Ngati pali kumenya, kuopseza, kuphwanya katundu, kulanda foni ndi ndalama, kapena kunyoza kwa tsiku ndi tsiku kochokera mbali imodzi mpaka winayo amanjenjemera akamva mapazi pakhomo, imeneyo ndi nkhanza, ndipo lamulo lathu loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera nkhanza za m'maganizo pamodzi ndi za pathupi. Pamenepo sindikhazika awiriwo pamodzi kuti aphunzire kulankhulana, chifukwa zomwe wozunzidwayo anganene pamaso panga akazilipira kunyumba. Ndimaonana naye payekha, tione kaye komwe angagone motetezeka ndi wachibale yemwe angamudalire, kenako nkhaniyo ipite ku ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma.