Kumene kunachokera mlandu wa msonkho wa kopaletivi ya chitowe

Kalata yochokera ku ofesi ya misonkho, imene yafika ku kopaletivi ina ya alimi a chitowe m'boma la Nsanje, ikuchenjeza kuti chiphaso chowakhululukira msonkho wodulidwiratu pogulitsa mbewu chikhoza kulandidwa. Nkhaniyi njaikulu ndithu, chifukwa popanda chiphasocho wogula amadula 3 kwacha pa 100 kwacha iliyonse asanalipire, kotero kuti pa chitowe cha K20 miliyoni, K600,000 imapita kaye ku boma, ndalama yomwe ikanalipirira galimoto ndi matumba.

Za zaka zoyambirira palibe zambiri zonena. Gululi linalembetsa motsatira lamulo la makopaletivi la 1998, linkagula kwa mamembala okha, ndipo zotsala linkagawa malinga ndi makilogalamu amene aliyense wabweretsa.

Zinthu zinatembenuka ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015, pamene Shire ndi Ruo zinamiza minda ya kudimba. Atsogoleri anali atalonjeza kale wogula wa ku Blantyre matani amene mamembala sakanathanso kukwanitsa. Poopa kutaya msika, anatuma anyamata ndi sikelo ku midzi ya kumtunda kukagula kwa aliyense amene anali ndi chitowe. Mlembi analemba zonse m'kaundula mmodzi, dzina la membala pamwamba, la mlendo pansi pake, popanda chizindikiro chowasiyanitsa. Chimene chinayamba ngati chopulumukira chinasanduka chizolowezi cha chaka ndi chaka.

Apa mpamene pagona mkangano. A misonkho akuti phindu lochokera kwa anthu omwe si mamembala ndi la malonda ngati a venda aliyense, ndipo linayenera kuonekera m'mafomu a pachaka, amene ena sanaperekedwe n'komwe. Poyankha, komiti yavomera kuchedwako, yapempha nthawi, ndipo yayamba kulekanitsa mayina poyerekeza kaundula ndi buku la masheya.

Maumboni sakugwirizana. Mlembi wakale akuti alendo sanapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu yense, pamene amene ankagwira sikelo akunena kuti zaka zina anafika theka. Ine ndikutsamira kwa wasikelo pa kuchuluka kwa matumba, popeza ndiye ankawanyamula, koma iye sankadziwa kuti ambiri mwa "alendowo" anali akazi ndi ana a mamembala, ogulitsa za m'munda womwewo. Mabuku a zaka ziwiri ananyowa ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndinawaona atayanikidwa pa mkeka, inki itayenderera mpaka manambala osawerengeka.

Pofuna kutseka mpata umenewu, komiti yalembera wogula uja kupempha makope a malisiti ake. Malisitiwo adzasonyeza matani onse ndi ndalama zake, koma sadzatchula mlimi amene analima thumba lililonse.